Mankhwala a dzina lotchuka, a jeneriki ndi apamsika: kusiyana kwake kuli pati, nanga mtengo umachokera kuti?

Mankhwala akasowa kuchipatala cha boma, monga zimachitikira nthawi zina, wodwala amalemberedwa dzina la mankhwalawo m'kabuku kake ka kuchipatala n'kuuzidwa kuti akagule kufamase. Akafika pa Ntcheu boma kapena pa Dedza boma, wogulitsa amatha kumutulutsira timabokosi tiwiri kapena titatu, tosiyana mtundu, dzina ndi mtengo, koma n'kumuuza kuti mankhwala ake ndi amodzimodzi. Ambiri sakhulupirira zimenezi, chifukwa pa nsalu, pa nsapato ndi pa matayala a njinga tinazolowera kuti chodula ndiye cholimba. Pa mankhwala lamuloli siligwira bwino ntchito, ndipo amene amalitsatira mosaganizira amawononga ndalama zambiri popanda phindu, pamene wina wothamangira chotchipa chilichonse amagwa m'vuto lina loposa pamenepa.

Mankhwala ambiri achizungu ali ndi mayina awiri. Loyamba ndi dzina la chinthu chenicheni chimene chimachiritsa, ndipo dzinali ndi limodzi pafupifupi padziko lonse, moti dokotala wa ku Lilongwe ndi wa ku India amalidziwa mofanana. Lachiwiri ndi dzina la malonda, limene kampani imasankha yokha kuti katundu wake adziwike. Panado ndi dzina la malonda, ndipo mankhwala ake enieni ndi parasitamolo. Brufen ndi aibupulofeni, Flagyl ndi metironidazo, Bactrim ndi kotirimokisazo, ndipo Coartem ndi atemetha wosakaniza ndi lumefantirini, amene tonse timangowatchula kuti LA. Pa kabokosi dzina la malonda limalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu zamitundu, pamene dzina lenileni limakhala pansi pake m'zilembo zing'onozing'ono zachingerezi, pamodzi ndi nambala yotsatana ndi zilembo za mg. Mzere waung'onowo ndi umene uli ndi nkhani yonse.

Njira yoyamba imene wogula ali nayo ndi mankhwala a kampani imene inawatulukira. Kutulukira mankhwala atsopano kumatenga zaka zambiri, ndipo mankhwala ochuluka amene amayesedwa amalephera panjira, motero kampani imapatsidwa chilolezo chotchedwa patenti, chimene chimaletsa ena kupanga mankhwalawo kwa zaka 20 kuchokera tsiku limene inalembetsa. Pa nthawi imeneyi palibe wopikisana nayo, ndipo mtengo umaikidwa poyang'ana zimene anthu a m'mayiko olemera angathe kulipira, osati ndalama zimene zimalowa popanga piritsi limodzi. Patenti ikatha, kampaniyo kawirikawiri sitsitsa mtengo kufika pa wa anzake, chifukwa imadziwa kuti alipo madokotala ndi odwala amene anazolowera dzinalo ndipo adzalifunabe. Wogula mankhwala oterewa amapeza katundu wopangidwa mosamala, zimenezo sitingakane, koma mbali yaikulu ya ndalama yake amalipira dzina.

Njira yachiwiri ndi mankhwala a jeneriki, kutanthauza amene apangidwa ndi kampani ina patenti itatha, kapena mwini wake atapereka chilolezo. Kampani yotereyi sibwereza kafukufuku wa zaka zambiri wotsimikiza kuti mankhwalawo amachiritsa, popeza zimenezo zinadziwika kale. Chimene imayenera kuonetsa n'chakuti piritsi lake lili ndi mankhwala omwewo pa mlingo womwewo, lapangidwa m'fakitale yotsatira malamulo a ukhondo ndi kapangidwe, ndiponso kuti likamwedwa limalowa m'magazi mofanana ndi loyambirira lija. Mbali yomalizayi imayesedwa pa anthu athanzi ochepa chabe, kawirikawiri pakati pa 24 ndi 36. Aliyense amamwa mankhwala a kampani yoyamba n'kutengedwa magazi kangapo pa maola angapo, kenako pakapita masiku oti mankhwala aja atheretu m'thupi amamwa a kampani yachiwiri n'kutengedwanso magazi. Akatswiri amayerekeza zinthu ziwiri, kuchuluka kwa mankhwala onse amene anafika m'magazi ndi pamene anafika pachimake.

Apa pali nambala imene ena amaimva molakwika. Lamulo limati zotsatira za kuyerekezaku ziyenera kugwera pakati pa 80 ndi 125 pa 100, ndipo ena amaganiza kuti ndiye kuti piritsi la jeneriki likhoza kuperewera mankhwala ndi gawo limodzi mwa magawo asanu. Sizili choncho ayi. Malirewo sakunena za mankhwala amene ali m'piritsi, amene amayesedwa paokha ndi malire othina kwambiri, koma za mpata wonse wa kukayika umene umakhalapo poyesa anthu amene matupi awo ndi osiyana. Kuti mpata wonsewo ukwane m'malire amenewa, zotsatira zenizeni ziyenera kukhala pafupi kwambiri ndi 100. Bungwe loyang'anira mankhwala ku America litaunika mayeso oterewa oposa 2,000 a pakati pa 1996 ndi 2007, linapeza kuti kusiyana kwake kunali pafupifupi 4 pa 100, kumene sikusiyana kwenikweni ndi zimene zimaoneka poyerekeza mapiritsi a kampani imodzi opangidwa miyezi yosiyana.

Chimene chimaloledwa kusiyana ndi mtundu wa piritsi, maonekedwe ake, kakomedwe kake ndi zinthu zimene amasakaniza kuti ligwirane, monga ufa wa sitachi ndi shuga wa mumkaka. N'chifukwa chake mayi amene wakhala akumwa tipiritsi toyera ta kuthamanga kwa magazi angalandire tachikasu mwezi wotsatira, n'kuyamba kudandaula kuti achipatala amusinthira mankhwala, pamene asintha ndi kampani yokha imene inapambana mpikisano wogulitsa kuboma.

M'gulu la jeneriki muli mitundu iwiri, ndipo apa m'pamene mitengo imasokoneza anthu ambiri. Pali jeneriki wopanda dzina la malonda, amene amabwera m'mabotolo akuluakulu kapena m'makatoni opanda zokongoletsa, ngati amene amaperekedwa pawindo la chipatala cha boma m'timapepala tapulasitiki tojambulidwa dzuwa ndi mwezi. Palinso jeneriki amene kampani yamupatsa dzina lakelake ndi kabokosi kowala, monga Lumartem, Lonart ndi Artefan, amene onse ndi LA wopangidwa ndi makampani a ku India. Ambiri mwa mankhwala amene timawaona ngati apamwamba m'mafamase athu ndi a mtundu wachiwiriwu. Mtengo wawo umakhala pakati, ndipo ungasiyane kwambiri pakati pa dzina ndi dzina malinga ndi amene anawaitanitsa, mmene amawatsatsira kwa madokotala a zipatala zolipira, ndi phindu limene wogulitsa aliyense waikapo. Dzina ndi kabokosi sizionjezera chilichonse pa mphamvu ya piritsi.

Amene akukayikabe za jeneriki akumbukire mbiri ya mankhwala otalikitsa moyo. M'chaka cha 2000, mankhwala a munthu mmodzi a chaka chathunthu ankagula madola oposa 10,000 kuchokera kumakampani amene anawatulukira, ndipo m'midzi yathu maliro anali osatha. Mu February 2001 kampani ya Cipla ya ku India, motsogozedwa ndi Yusuf Hamied, inalengeza kuti ingagulitse mankhwala atatu ophatikiza pa madola 350 pachaka, kosakwana dola imodzi patsiku. Inatha kutero chifukwa lamulo la India la 1970 linkateteza njira yopangira mankhwala osati mankhwalawo, ndipo zinakhala choncho mpaka 2005. M'chaka chomwecho cha 2001 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linayamba ntchito youna mafakitale ndi kuyesa mankhwala oterewa lisanavomereze kuti mabungwe othandiza awagule. Dziko lathu linayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, ndipo pofika 2017 mtengo wa piritsi limodzi patsiku lokhala ndi dolutegiravi, limene kuno linayamba kuperekedwa mu 2019, unali pafupifupi madola 75 pachaka. Anthu amene lero akulima mbatata ku Bembeke ndi kuphunzitsa ana ku Nsipe atamwa ma ARV zaka zambiri akhala akumwa jeneriki nthawi yonseyi. Kuchokera pa 10,000 kufika pa 75, mankhwala sanachepe mphamvu, ndipo a masiku ano ndi abwino kuposa oyamba aja. Chinasintha ndi chiwerengero cha opanga ndi kukula kwa oda.

Palinso zina zimene zimakweza mtengo kuno kwathu zosakhudzana ndi patenti. Mankhwala ambiri timaitanitsa kunja, ndipo ngakhale makampani ochepa amene amapanga mapiritsi m'dziko muno amagula ufa wa mankhwalawo kunja komweko ndi madola. Kwacha itagwa ndi 25 pa 100 mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 pa 100 mu November 2023, mitengo m'mafamase inakwera motsatira, ndipo ndalama zakunja zikasowa m'mabanki, woitanitsa amaika mtengo poganizira mmene adzavutikire kupeza madola a oda yotsatira. Katundu amatsika pa doko la Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, amakwera thiraki mpaka ku Lilongwe kapena ku Blantyre, amadutsa kwa wogulitsa mopikulitsa, kenako n'kufika pa shelefu ya ku Dedza, ndipo dzanja lililonse limene wadutsamo limatengapo zake. Zili ngati kachewere wa pa Tsangano, amene pamsewu mumagula pa ndowa koma m'sitolo yaikulu ya mumzinda mumamupeza wotsukidwa, woikidwa m'jumbo ndi mtengo wina, chikhalirecho anakumbidwa m'munda umodzi. Boma limagula kudzera ku Central Medical Stores Trust ndi kwa abwenzi othandiza mapiritsi mamiliyoni nthawi imodzi, pamene famase yaing'ono imagula timabokosi towerengeka n'kulipiranso lendi, magetsi ndi antchito. Motero mankhwala aulere a kuchipatala si otsika. Ndi omwewo, kungoti analipira ndi wina.

Tsopano titenge nkhani imodzi tiione bwinobwino. Bambo wolemera makilogalamu 60 wayezedwa magazi ndipo wapezeka ndi malungo, koma LA watha pachipatala chaching'ono cha kwawo, ndiye mkazi wake wakwera kabaza kupita kufamase pa boma. Mitengo imene ndiike apa ndi yongoyerekeza kuti masamu aoneke, popeza mitengo yeniyeni imasintha mwezi ndi mwezi. Wogulitsa watulutsa kabokosi ka mapiritsi 6 ka K12,000 ndi kena ka mapiritsi 24 ka K7,200. Mayiyo, atagwira kodulako, akufunsa kuti, "Achimwene, awa ochepawa ndiye amphamvu eti? Inetu ndikufuna oti abambo akunyumba achire msanga." Wogulitsa wodziwa ntchito yake amatembenuza timabokosi tonse n'kuloza ndi chala mzere waung'ono uja. Pa koyamba palembedwa 80/480, pa kachiwiri 20/120. Munthu wamkulu wolemera makilogalamu 35 kapena kuposa amamwa LA kasanu ndi kamodzi pa masiku atatu, ndipo ulendo uliwonse amafunika 80 mg ya atemetha ndi 480 mg ya lumefantirini. M'kabokosi koyamba mlingowu uli m'piritsi limodzi, pamene m'kachiwiri uli m'mapiritsi anayi. Pomaliza masiku atatu, thupi la bamboyo lidzakhala litalandira 480 mg ya atemetha ndi 2,880 mg ya lumefantirini, kaya agula kati. K4,800 yoonjezerayo ikugula mwayi womeza piritsi limodzi m'malo mwa anayi, umene kwa munthu amene akuchita nseru si wachabe, koma siikugula kuchira msanga.

Tiyerekeze kuti mayiyo waona kuti K7,200 yamuchulukira, ndipo pobwerera wapeza venda pamsika amene akumupatsa kapepala ka mapiritsi 6 a 20/120 pa K2,500, n'kumuuza kuti ndi LA yemweyo. Ngakhale atakhala enieni, mapiritsi 6 a mlingo umenewu ndi a mwana wolemera makilogalamu 5 mpaka 14, amene amamwa limodzi ulendo uliwonse. Kwa bambo wa makilogalamu 60 limeneli ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a mankhwala ofunika. Thupi likhoza kuzizira kwa masiku angapo, iye n'kubwerera kumunda, koma tizilombo totsala timachulukananso ndipo malungo amabwerera. Kuti akwanitse mlingo wonse kwa vendayo akanafunika timapepala tinayi, K10,000, kuposa K7,200 ya kufamase kuja. Poyerekeza mitengo ya mankhwala, chowerengera si kabokosi kapena piritsi, koma ndalama ya mlingo wonse umene dokotala walemba. Ndipo LA wa kampani iliyonse amalowa bwino m'magazi akamwedwa ndi chakudya cha mafuta pang'ono, monga mkaka kapena phala lansinjiro, moti munthu womwa wodula pamimba yopanda kanthu angapindule mochepa kuposa womwa wotchipa atadya.

Venda uja akutifikitsa pa njira yachitatu, imene anthu ambiri amaisokoneza ndi jeneriki. M'misika ya m'malire monga pa Lizulu ndi pa Tsangano, kumene msewu womwewo ndi umene umalekanitsa Malawi ndi Mozambique, katundu amadutsa mosavuta, ndipo si zachilendo kuona makapisozi ofiira ndi achikasu atayalidwa pa chiguduli padzuwa, ena opanda kabokosi, ena olembedwa Chipwitikizi, akugulitsidwa awiriawiri. Ena mwa mankhwalawa ndi enieni koma anatha nthawi kapena anaonongeka ndi kutentha ndi chinyontho, ena anabedwa, ndipo ena ndi achinyengo, okhala ndi mankhwala ochepa kapena opanda n'komwe. Mu 2017 bungwe la WHO linanena kuti pafupifupi mankhwala amodzi mwa 10 aliwonse m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene amakhala osakwanira mphamvu kapena achinyengo, ndipo a malungo ndi opha tizilombo ta bakiteriya ndi amene amapezeka kwambiri m'gululi. Chofunika kuchizindikira n'chakuti akuba amakonda kukopera mayina otchuka, chifukwa ndi amene ali ndi phindu, kotero dzina lodziwika pa kabokosi kogulidwa pamsika si chitetezo ayi. Malire enieni sali pakati pa odula ndi otchipa, koma pakati pa mankhwala amene anadutsa m'manja mwa bungwe la PMRA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019 kuti lizilembetsa mankhwala ndi kupereka ziphaso kwa ogulitsa, ndi amene analowera kumbali.

Wogula sangayese mankhwala ndi maso, koma zina angathe kuziona. Famase yovomerezeka imakhala ndi chiphaso chopachikidwa poonekera, ndipo kufunsa kuti muchione si mwano. Pa kabokosi payenera kukhala dzina ndi dziko la kampani yopanga, nambala ya gulu limene mapiritsiwo anapangidwira, ndi tsiku lothera ntchito lolembedwa pafupi ndi zilembo za EXP, ndipo nambala ndi tsikulo ziyenera kufanana ndi zimene zadindidwa pa kapepala konyezimira ka mkati. Mapiritsi ofumbutuka, amathothomathotho, omatana kapena osiyana mtundu m'kapepala kamodzi ndi oyenera kubwezedwa, ngakhale atagulidwa pamalo ooneka bwino.

Sindinganene kuti kusintha kampani kulibe vuto nthawi zonse. Alipo mankhwala ochepa amene mpata wa pakati pa mlingo wochiritsa ndi mlingo wovulaza ndi wochepa kwambiri, monga ena a khunyu, makamaka kabamazepini, fenitoini ndi fenobabitoni, komanso wafarini woletsa magazi kuundana. Pa amenewa ngakhale kusiyana kwakung'ono kungaoneke mwa odwala ena. Izi sizikutanthauza kuti wodwala khunyu azigula odula okhaokha, koma kuti ngati wakhazikika pa mapiritsi a kampani ina, kaya otchipa kaya odula, ndi bwino kukhala pa omwewo pamene zingatheke, ndipo akasinthiridwa, achibale ayang'anitsitse ngati akugwa kawirikawiri kapena akugona mopitirira n'kukauza achipatala. Chimene sayenera kuchita ndi kusiya kumwa podikira kuti a mtundu wakale apezeke, chifukwa kudukiza n'koopsa kuposa kusintha.

Chinanso ndi zilembo zimene zimatsatira dzina, monga SR, MR kapena XL, zosonyeza kuti piritsilo limatulutsa mankhwala pang'onopang'ono kwa maola ambiri. Nifedipini wa kuthamanga kwa magazi wokhala ndi zilembozi ndi wopanda zilembozi si ofanana, ngakhale dzina ndi nambala ya mg zitafanana. Wopanda zilembo amalowa m'magazi mwamsanga ndipo angagwetse kuthamanga kwa magazi mwadzidzidzi, munthu n'kuchita chizungulire, mutu ndi kugunda kwa mtima. Ngati m'kabuku mwalembedwa zilembozo, m'kabokosi mukhalenso zomwezo, ndipo piritsi lotere siliyenera kuphwanyidwa kapena kutafunidwa.

Ngozi imene imachitika kawirikawiri kuposa zonsezi imabwera chifukwa cha mayina awiri aja. Agogo amene amalandira amulodipini kuchipatala cha boma angatumiziridwe Norvasc ndi mwana wawo wa ku Joni, amene akufuna kuti makolo ake amwe zapamwamba, ndipo popeza mayina ndi maonekedwe n'zosiyana, agogowo amamwa onse awiri, osadziwa kuti akumwa mankhwala amodzi kawiri. Mapazi amayamba kutupa, akaimirira amaona chidima, ndipo pakhomo anthu amayamba kuganiza za matenda ena. Zimachitikanso ndi parasitamolo, amene amapezeka mu Panado komanso m'mankhwala ambiri a chimfine. Munthu wamkulu sayenera kupitirira 4,000 mg patsiku, omwe ndi mapiritsi 8 a 500 mg, ndipo amene akumwa mitundu iwiri kapena itatu nthawi imodzi angadutse malirewa mosazindikira n'kuvulaza chiwindi. Aliyense amene ali ndi mankhwala ochokera kumalo awiri awaike onse m'jumbo, pamodzi ndi timabokosi take, n'kupita nawo pa tsiku la sikelo ya matenda ake kuti achipatala awerenge mizere ing'onoing'ono ija n'kumuuza oti apitirize ndi oti asiye.